Zovala za zaka khumi: zoti musunge, zoti mupite nazo kwa telala, ndi zochepa zoti mugule

Achemwali anga aakulu amakhala ku Area 25 ndipo amagwira ntchito ya mu ofesi ku Capital Hill. Mwezi wa Julaye anandiimbira foni ali okhumudwa. Anati, "Ndilibe chovala ine. Ndikalandira ndikupita ku msika wa Tsoka, zonsezi ndikupereka kumudzi." Nditafika kwawo ndinapeza chitseko cha wadirobu chikuchita kutsekedwa ndi bondo chifukwa cha kudzaza. Chomwe chinawapweteka chinali chithunzi. Mnzawo wina anatumiza pa gulu lawo chithunzi cha pa ukwati wa mu 2015, ndipo bulauzi, thalauza ndi nsapato zomwe anavala tsiku limenelo n'zomwe anavalanso ku ntchito sabata yomweyo.

Bambo athu anali telala wa pakhonde, ndipo ine ndinakula ndikutola ulusi pansi pa makina awo. Chomwe ndinaphunzira pamenepo n'chakuti chovala sichioneka chachikale chifukwa cha zaka za nsalu yake. Chimaoneka chachikale chifukwa cha kasokedwe: kukula kwa mwendo wa thalauza, pomwe chiuno chakhala, kutalika kwa jekete, ndi tokometsera tomwe tinatchuka nyengo imodzi. M'wadirobu ya zaka khumi, zovala zopalamula mlandu umenewu zimakhala zochepa, koma poti mumazivala pamodzi ndi zabwinozo, zimaipitsa zonse, monga nsomba imodzi yoola m'dengu. Ntchito yanu ndi kupeza zoolazo. Kugula zonse mwatsopano masiku ano n'kudzipweteka dala: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa belo la kaunjika unakwera mpaka ogulitsa anachita zionetsero mu Lilongwe muno mu Febuluwale 2025. Shati yathonje yomwe munagula mosavuta zaka khumi zapitazo, lero mungaifune tsiku lonse.

Nazi njira zomwe tinatsata ndi achemwali, ndipo mungazitsate inunso.

Choyamba: tulutsani zonse, muzione padzuwa

Sankhani Loweruka m'mawa kopanda mitambo. Yalani mphasa pakhonde ndipo tulutsani chilichonse, ngakhale zomwe zili m'sutikesi ya pamwamba pa wadirobu. Musachite izi usiku kapena m'chipinda chamdima, chifukwa babu amabisa kusuluka. Ife tinawerenga zovala 52, osaphatikizapo zamkati ndi zitenje zomanga m'chiuno.

Pa gawo ili musaganize za fashoni ayi. Funso ndi limodzi: kodi nsaluyi ikadali ndi moyo? Kwezani chovala kudzuwa muone ngati kuwala kukudutsa m'zigongono, m'matako kapena pakati pa ntchafu. Ngati kukudutsa, nsalu yathetheka, ndipo chigamba chikagwira pamenepo ing'ambika pambali pake. Onani m'khwapa ndi m'kolala ngati muli chikasu chomwe sichichoka. Nunkhizani: chuku cha m'dzinja chikalowerera chimasiya timadontho takuda tomwe sopo satha kuchotsa.

Pali imfa zitatu zomwe telala aliyense sangadzutse, ndipo ndi bwino muzidziwe kuti musataye ndalama. Yoyamba ndi ya nsalu yotamuka. Majinzi ndi mathalauza othina amakhala ndi timinga ta mphira mkati mwa ulusi, ndipo dzuwa la Okutobala ndi simbi yotentha zimatipha. Mudzadziwa poona nsalu itachita mafunde m'mawondo ndi m'ntchafu, kapena titsitsi toyera titatuluka. Mukaikoka siibwerera m'malo mwake. Yachiwiri ndi ya jekete lomwe kutsogolo kwake kwatuluka timatuza: mkati mwake munamatidwa nsalu yolimbitsa ndi guluu, ndipo guluuyo akalekana ndi nsalu, kusita kumabisa tsiku limodzi lokha. Yachitatu ndi chikopa chabodza cha zikwama, malamba ndi nsapato, chomwe chikayamba kusupuka chimangopitirira ngakhale mutachipaka polishi.

Kwa achemwali, zovala 9 zinagwa pa mayeso amenewa. Zimenezi musapatse munthu. Kupereka sanza kumudzi si chifundo. Zathonje ziduleniduleni zikhale zokolopera.

Chachiwiri: pezani zomwe zikukukalambitsani

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, ndipo maso anu okha sangakuthandizeni chifukwa anazolowera. Muyenera kuvala chovala chilichonse chotsala, kenako wina akujambuleni ndi foni thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kunsapato, ataima mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pomwe muli. Galasi limakunamizani chifukwa mumayang'ana nkhope ndi kukhwimitsa mimba. Chithunzi chimaonetsa mmene anthu amakuonerani mukamatsika minibasi pa depoti.

Njira yake ndi iyi. Sankhani zovala ziwiri zomwe zilibe chokometsera chilichonse, chapamwamba chimodzi ndi chapansi chimodzi, mwachitsanzo shati yoyera wamba ndi siketi yakuda yowongoka yofika m'mawondo. Ziwirizi zikhale mboni zanu. Bulauzi iliyonse muiyese ndi siketi yakudayo, ndipo thalauza kapena siketi iliyonse muiyese ndi shati yoyerayo. Mukatero, chovala chilichonse chimaima pamlandu pachokha. Ngati chithunzi chikukukumbutsani chaka chinachake, wopalamula ndi chovala chomwe mukuyesacho, poti mboniyo ilibe chaka.

Titachita zimenezi, achemwali anadabwa. Mabulauzi ambiri omwe ankati ndi achikale anaoneka bwinobwino ndi siketi yowongoka. Koma shati yoyera ija, yomwe ilibe vuto lililonse, itangovalidwa ndi jinzi yothina mpaka m'kakolo, yachiuno chotsika pansi pa mchombo, 2015 inabwerera yonse. Anati, "Iii, ndiye vuto ndi mathalauzawa eti?" Ndinati, "Eya achemwali, ndi nsapato zija zachidendene chokwera kutsogolo komwe."

Nthawi zambiri zimatero. Chapansi ndi chomwe chimajambula maonekedwe a thupi lonse, choncho chimaulula chaka kuposa chapamwamba. Ngati mukufuna kutsimikiza ndi tepi ya telala, yalani thalauza pansi muyeze malo awiri. Yezani kukamwa kwa mwendo, kuchokera msoko wina kufika wina: ngati ndi masentimita 13 kapena 14, ndi lothina la nthawi ija, pomwe lowongoka limakhala pakati pa 18 ndi 21. Kenako yezani kuchokera pamphambano ya misoko pakati pa miyendo kukwera mpaka pamwamba pa chiuno kutsogolo: masentimita 20 kapena kucheperapo ndi chiuno chotsika, 23 mpaka 25 ndi chapakati, ndipo 27 kupita m'mwamba ndi chokwera. Chapakaticho ndi chomwe sichichoka m'fashoni, chifukwa sichinakhalepo fashoni.

Kupatula mathalauza, zina zomwe zimaulula zaka zimenezo ndi tokometsera tomwe aliyense anavala nthawi imodzi: pepulamu, kansalu kamapindikiro kaja kolendewera m'chiuno mwa bulauzi, mabulauzi oboola m'mapewa, siketi yayifupi kutsogolo koma yaitali kumbuyo, madiresi othina ngati bandeji, ndi kajekete kakafupi kothera pamwamba pa chiuno. Lamulo lomwe ndimagwiritsa ntchito ndi lakuti, ngati mungathe kukumbukira chaka chomwe Lilongwe yense anadzaza ndi chinthu chimenecho, chili ndi deti pamphumi.

Koma chenjerani, musathamangire kutaya chilichonse chomwe chagwidwa. Zogwidwazo zigaweni pawiri. Ngati vuto lili m'kadulidwe ka nsalu, moti palibe nsalu yokwanira kukonza, chovalacho chichoke. Jinzi yothina singakule mwendo. Bulauzi yoboola m'mapewa, nsalu ya pamenepo inadulidwa kale. Koma ngati vuto ndi chinthu chomwe chinachita kuwonjezedwa, kapena nsalu yachuluka m'malo mochepa, chovalacho chipite kwa telala. Kwa achemwali, zochoka zinali 11: mathalauza ndi majinzi othina anayi, mabulauzi oboola atatu, madiresi othina awiri, siketi imodzi ndi kajekete kamodzi. Zopita kwa telala zinali 8. Zotsala 24 sizinafune chilichonse koposa kuchapa ndi kusita.

Ndinene izi pano: ngati pali chovala chomwe chagwidwa koma mumachikonda ndi mtima wonse ndipo chimakukhalani, chisungeni. Chimodzi sichiononga. Achemwali anakana kusiya jinzi imodzi yothina yakuda pambali pa zinayi zija, ndipo ikavalidwa ndi shati yaitali yophimba chiuno ndi nsapato zafulati, imaoneka bwino. Choipa ndi kuvala zitatu za chaka chimodzi nthawi imodzi.

Chachitatu: dziwani zosakalamba zanu

Musatenge mndandanda wa anthu a mayiko ozizira. Chikhoti cholemera chofika m'mawondo chilibe ntchito kuno kupatula m'mawa wochepa wa Juni ndi Julaye. Zosakalamba za munthu wa mu Lilongwe ndi zomwe zimamutengera ku ntchito, ku tchalitchi, ku ukwati ndi ku maliro popanda wina kumuyang'ana kawiri: siketi yowongoka yofika m'mawondo kapena kutsika pang'ono, shati yathonje yakolala wamba, jekete lakuda kapena labuluu wakuda lophimba chiuno, juzi yamabatani yopanda zolembalemba, diresi la chitenje losokedwa mosachulutsa, ndi nsapato zachikopa chenicheni zotseka kutsogolo. Zitenje zomanga m'chiuno ndi maduku sizili pamlandu uwu konse.

Pa zimenezi, ukalamba ndi umboni wabwino. Siketi yomwe yapirira kuchapidwa pamanja ndi kuyanikidwa padzuwa zaka khumi osasuluka, ndi nsalu yabwino kuposa zambiri zomwe zapachikidwa m'mashopu lero. Chokhacho, yang'anani zakuda. Chakuda chikasuluka chimapita kofiirira kapena kobiriwira, ndipo jekete lakuda ndi siketi yakuda zosiyana kusuluka zimaoneka zotopa zikavalidwa pamodzi. Ngati nsalu ndi yathonje mutha kuinyika mu dayi wakuda ndipo idzabwerera. Ngati ndi poliyesita musavutike, dayi wamba sagwira, ndiponso ulusi wosokera nthawi zambiri ndi poliyesita, choncho misoko imatsala ndi mtundu wake wakale.

Chachinayi: kwa telala

Ife a mu Lilongwe tili ndi mwayi womwe anthu a mayiko ena amaulipira ndalama zambiri: telala ali pa msika uliwonse, ku Nsungwi, ku Kawale, ku Chinsapo, ku Area 23, m'makonde a mashopu a ku Old Town. Koma si telala aliyense wosoka yunifomu ya sukulu amene angakhudze jekete. Musanamupatse chovala chomwe mumachikonda, mupatseni kaye chimodzi chosadandaulitsa, monga kupinda siketi. Akamaliza tembenuzani muone mkati: kodi msoko ndi wowongoka, ulusi ukufanana ndi nsalu, ndipo wasiyako nsalu yoti mtsogolo mungadzatambasule? Telala amene amadula nsalu yonse mpaka pamsoko, wakutsekerani njira yobwerera.

Pitani mutavala chovalacho kapena mukachivale komweko, ndi nsapato zomwe mudzavale nacho. Iye aike mapini kapena choko inu mutaima. Musatumize mwana ndi uthenga wakuti "akabweze pang'ono", chifukwa pang'ono panu si pang'ono pa telala.

Zomwe zimatheka mosavuta ndi kufupikitsa, kubweza m'mbali ndi m'chiuno, kusintha zipi, kusintha mabatani, ndi kuchotsa zowonjezera. Zomwe zimavuta ndi kukulitsa. Zovala za kufakitale zimasiyidwa nsalu ya sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka yokha m'misoko, choncho zomwe mungapindule ndi zochepa kwambiri. Zosokedwa ndi telala nthawi zambiri zimakhala ndi nsalu yochulukirapo mkati, n'chifukwa chake diresi la chitenje limatha kukula nanu. Kutalikitsa siketi potambasula mpendero kumasiya mzere wosuluka pomwe panali popinda, ndipo pa nsalu yakuda mzerewo suchoka. Kubweza chovala chachikulu kupitirira masaizi awiri kumasuntha matumba, mpaka akumbuyo kwa thalauza amatsala pang'ono kugundana. Ndipo mapewa a jekete asiyeni. Ngati msoko wa phewa sukukhala pomwe fupa la phewa lanu lathera, jeketelo si lanu, ngakhale mulikonde bwanji, chifukwa kukonza pamenepo ndi kuphwasula jekete lonse.

Tinapita kwa bambo wina wachikulire wosokera pafupi ndi msika, titanyamula zovala 8 zija. Mabulauzi atatu a pepulamu ndi omwe ankatidetsa nkhawa. Bamboyo anatembenuza yoyamba, naloza msoko wa m'chiuno. Anati, "Mayi, iyi ndi yosavuta, pepulamuyi anachita kulumikiza. Ndikaphwasula apa ichoka yonse. Koma mudziwe kuti bulauziyo ithera m'chiuno penipeni, ndiye muzivala ndi siketi yokwera." Achemwali anafunsa kuti, "Nanga sindingamapisire m'siketi, abambo?" Iwo anati, "Yafupika, izituluka mukakweza mkono. Pokhapokha pepulamu yomweyo ndiiwongole, ndiilumikizenso yafulati ngati mchira wopisira." Ndipo n'zomwe anachita pa ziwiri: anadula kansaluko kukhala kalamba kowongoka ka masentimita 12, nakalumikiza popanda mapindikiro, moti kamabisala m'siketi. Yachitatu inalibe msoko m'chiuno, nsalu inadulidwa yotambasuka kuchokera pamwamba, choncho anangoibweza m'mbali kuti igwe mowongoka.

Madiresi awiri a chitenje anali ndi mikono yotukumuka kwambiri, ndipo limodzi linali ndi nsalu yonyezimira yamaukonde m'khosi. Anachotsa yonyezimirayo, nachepetsa mikono kukhala yowongoka yofika m'chigongono. Zitenje zake n'zabwino, ndipo tsopano amawavala Lachisanu ku ntchito. Masiketi awiri anangofuna kubweza m'chiuno ndi zipi yatsopano. Jekete labuluu linali ndi mabatani agolide osupuka ndi mikono yophimba zala. Anaika mabatani akuda wamba, nafupikitsa mikono kuti ithere pamfundo ya dzanja. Ndikuuzeni, palibe ndalama yochepa yomwe imasintha chovala ngati ya mabatani.

Chinthu chimodzi chinalakwika, ndipo cholakwa chinali chathu. Siketi imodzi tinaiyeza achemwali atavala nsapato zazitali zija zomwe tinali titagamula kale kuti zichoka. Atavala zafulati, siketiyo inakhala pakati pa katumba, pamalo ponenepa kwambiri pa mwendo, ndipo inawafupikitsa. Tinabwerera kukaipinditsa kuti ithere pansi penipeni pa bondo.

Chachisanu: lembani zogula musanatuluke m'nyumba

Pochoka zovala 11 sindiye kuti mugule 11. Funsani kuti chochokacho chinkagwira ntchito yanji. Mathalauza anayi othina aja ankagwira ntchito ziwiri zokha: ya ku ofesi ndi ya Loweruka. Mabulauzi oboola m'mapewa sankavalidwa n'komwe. Mndandanda wa achemwali unatsala ndi zinthu zisanu: thalauza lakuda lowongoka, lina laimvi, jinzi yabuluu wakuda yowongoka yopanda zong'ambang'amba, nsapato zachikopa zachidendene chachifupi chonenepa, ndi lamba wachikopa wopanda chitsulo chachikulu. Chilichonse pa mndandandawo chinayenera kugwirizana ndi zovala zitatu mwa zomwe zatsala, ndipo tinazilemba mayina pambali pake. Chomwe chilibe anzake atatu kunyumba chidzakukakamizani kugulanso china, ndipo ndi mmene wadirobu imadzazira popanda chovala.

Apa pali msampha. Mukamachotsa fashoni ya 2015, musaike m'malo mwake fashoni ya chaka chino yofika pamapeto. Mathalauza otambalala kwambiri okolopa pansi, omwe atsikana akuvala pano, adzakhala ndi deti yawo pamphumi posachedwapa, komanso m'matope a Januwale ndi fumbi la Seputembala amatha kumapazi mwezi usanathe. Gulani zapakati: mwendo wowongoka, chiuno chapakati, kutalika kothera pamwamba pa nsapato.

Ngati mukupita ku kaunjika, kaya ku Tsoka, ku msika waukulu kapena m'mashopu a DAPP, tengani tepi m'chikwama. Musadalire nambala ya saizi yolembedwa, chifukwa belo limasakaniza zovala za mayiko osiyanasiyana ndipo 12 ya dziko lina si 12 ya lina. Yezani kunyumba siketi kapena thalauza lomwe limakukwanani bwino, litayalidwa pansi: chiuno, m'matako pomwe ndi potambalala kwambiri, ndi kutalika kwa mwendo mkati. Lembani manambalawo m'foni. Njira ija yozunguliza chiuno cha thalauza m'khosi imathandiza kusankha mwachangu pamulu, koma siikuuzani za m'matako ndi m'ntchafu, komwe ndi komwe thalauza limakanira. Likakwana m'matako koma n'kukhwepa m'chiuno, gulani, telala abweza. Likathina m'matako, lisiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.

Funsani wogulitsa tsiku lomwe amatsegula belo, mufike m'mawa. Zoyamba kusankhidwa zimadula, koma pa zinthu zisanu zomwe muzivale sabata iliyonse, ndi pomwe ndalama iyenera kupita. Tiyerekeze thalauza la K30,000 lomwe muzivala kawiri pa sabata kwa zaka ziwiri: ndi maulendo oposa 200, kutanthauza K150 pa tsiku kapena kucheperapo. Lina la K12,000 lomwe lichite mafunde m'mawondo pakatha miyezi itatu, mudzakhala mutalivala maulendo 26, pafupifupi K460 pa tsiku. Musanalipire, finyani nsalu m'dzanja pang'ono n'kuisiya muone ngati ikubwerera, kokani zipi katatu, onani pakati pa ntchafu kudzuwa, ndipo pimani jinzi yotamuka ngati ilibe titsitsi toyera tija. Kaunjika naye amabwera atakalamba kale.

Thalauza lakuda lamuyeso wa achemwali silinapezeke maulendo awiri. Tinagula nsalu ya suti m'mashopu a nsalu ku Old Town, mita imodzi ndi theka, n'kupereka kwa bambo aja pamodzi ndi laimvi lomwe tinapeza kuti atengere. Kupatsa telala chitsanzo chogwirika kumaposa kumuonetsa chithunzi cha pafoni. Ndipo nsalu iliyonse yathonje, chitenje chomwe, muichape kaye n'kuisita musanapereke, chifukwa imafupika ikakumana ndi madzi koyamba.

Nsapato musazisiye kumapeto ngati kuti n'zazing'ono. Pa chithunzi chija, zinali zachiwiri kuulula chaka. Koma musanagule, onani zomwe muli nazo: yachikopa chenicheni yomwe yangotha chidendene kapena soli, wosoka nsapato wa pamsika aikonza, ndipo polishi aibweza. Yomwe soli yake yayamba kufumbutuka ngati mkate wouma itakhala nthawi yaitali m'bokosi, imeneyo yapita.

Mawu ochepa kwa abambo

Tili mkati mwa zonsezi, alamu anga anatulutsa suti yawo ya nthawi yomweyo, yonyezimira, yothina, yothera pamwamba pa matako. Anati, "Alamu, nanga iyi?" Kwa amuna, malo oyang'ana ndi ochepa. Yezani mphepete ya jekete yopindikira pachifuwa, pomwe ndi yotambalala kwambiri: masentimita 5 kapena 6 ndi fashoni ya nthawi ija, pomwe 7 mpaka 9 ndi muyeso womwe wakhalapo kuyambira kale. Tayi igwirizane ndi muyeso womwewo. Jekete liphimbe matako, ndipo mukamanga batani nsalu isakokeke n'kupanga mizere yopingasana pamimba. Suti ya alamu inalephera zonsezi, ndipo jekete silitalikitsidwa. Koma mathalauza awo ena awiri anapulumuka, chifukwa thalauza la suti lachimuna nthawi zambiri limakhala ndi nsalu yotsala pamsoko wakumbuyo, yoti telala atha kuwonjezera chiuno ndi masentimita atatu mpaka asanu. Mashati oyera ndi abuluu anatsala onse. Imodzi yomwe kolala inatha m'mphepete, telala anaiphwasula n'kuitembenuza, monga ankachitira bambo athu. Zomwe zinachoka ndi mashati a makolala awiri amitundu yosiyana, lamba wachitsulo chachikulu, ndi nsapato zosongoka zokwera kutsogolo.

Pomaliza ntchito: kubwezera m'wadirobu

Zochoka zomwe zikadali zabwino zichapeni, muzisite, muzipereke sabata yomweyo. Zikagona m'thumba pakona ya chipinda, zimabwerera m'wadirobu chimodzi chimodzi. Ana a achimwene athu ku Mitundu analandira majinzi aja ndi manja awiri.

Zotsalazo muzibweze zitauma gwa, makamaka mvula ikayandikira, ndipo wadirobu isatsamire khoma lomwe limachita chinyezi. Majekete akhale pa mahang'ala onenepa, chifukwa awaya amaononga mapewa, malo aja omwe telala sangakonze. Majuzi apindidwe, asapachikidwe. Zakuda ndi majinzi muzichapa mutazitembenuza n'kuziyanika pamthunzi, ndipo chilichonse chotamuka chisakumane ndi simbi yotentha kwambiri. Achemwali anapachika mahang'ala onse ngowe zitaloza kunja, ndipo chomwe avala amachibweza ngowe italoza mkati. Tinapangana kuti mu Disembala, mvula ikayamba, tidzakhalenso pamphasa kuona zomwe zikadalozabe kunja. Panopa ndi madiresi awiri.